Tinyenyezi ndi mahashi tomwe timadzaza mu uthenga: timachokera kuti?

Uthenga wafika pa foni, wa msonkhano wa makolo kusukulu. Mawu ake ndi omveka bwino, koma mutu wake wayamba ndi mahashi awiri, ndipo tsiku la msonkhanowo lazunguliridwa ndi tinyenyezi, tiwiri kutsogolo, tiwiri kumbuyo. Ena amati foni yasokonekera, ena amati mlembi wa komiti ankasinza polemba. Chilungamo chake n'chakuti palibe chawonongeka. Zizindikirozo zinaikidwa dala, kungoti anayenera kuziona si inu.

Kalembedwe kameneka kamatchedwa Markdown. Anakayambitsa ndi John Gruber wa ku America mu 2004, mothandizana maganizo ndi Aaron Swartz. Nthawi imeneyo wofuna kulemba nkhani yoti ioneke bwino pa intaneti ankalimbana ndi HTML, chinenero chomwe mapulogalamu otsegulira intaneti amamva, ndipo chimenechi n'chotopetsa kulemba ndi manja. Gruber anatengera zomwe anthu ankachita kale mu maimelo, momwe munalibe njira yonenepetsera zilembo. Munthu akafuna kutsindika liwu ankangoliika pakati pa tinyenyezi. Iye anapanga chizolowezicho kukhala malamulo: kanyenyezi kamodzi uku ndi uku kumatanthauza zilembo zopendekeka, tiwiri uku ndi uku ndiye zilembo zonenepa, ndipo hashi kumayambiriro kwa mzere ndi mutu. Hashi imodzi ndi mutu waukulu, awiri ndi wocheperako, mpaka kufika pa asanu ndi imodzi.

Zili ngati choko chomwe telala amajambulira pa nsalu. Mizere ija ndi yomuuza podula ndi posoka, ndipo diresi likasokedwa siyionekanso. Mukapeza choko chidakalipo, dziwani kuti nsaluyo sinafike pa makina.

Tiyeni tione uthenga wa makolo uja momwe mlembi anaulembera:

```
## Msonkhano wa makolo
Tidzakumana **Loweruka** pa **2 koloko** masana.
```

Mu fayilo imeneyi mulibe chilembo chonenepa ngakhale chimodzi. Muli zilembo wamba zokhazokha, ndipo kwa kompyuta kanyenyezi ndi chilembo ngati a kapena b. Kuti kunenepako kuoneke, payenera kukhala pulogalamu yomwe imawerenga mzere ndi mzere n'kumamasulira zizindikirozo. Ikapeza mahashi awiri otsatiridwa ndi mpata, imadziwa kuti mzerewo ndi mutu. Ikapeza tinyenyezi tiwiri, imafunafuna tinzake totsekera, n'kunenepetsa zonse zapakati. Kenako imachotsa zizindikirozo n'kutulutsa izi:

```
<h2>Msonkhano wa makolo</h2>
<p>Tidzakumana <strong>Loweruka</strong> pa <strong>2 koloko</strong> masana.</p>
```

Izinso sitiziona, chifukwa pulogalamu yoonetsera imazisandutsa mutu waukulu ndi mawu onenepa pa sikirini. Choncho pali masitepe awiri pakati pa zala za wolemba ndi maso a wowerenga. Bokosi lolembamo SMS, fomu ya pa intaneti, kapena pulogalamu yolembamo zilembo wamba, zonsezi zilibe womasulira ameneyu. Ntchito yake ndi kuonetsa chilembo chilichonse monga chafikira. Ndiye mahashi awiri ndi tinyenyezi tisanu ndi titatu taja timatuluka poyera, zizindikiro khumi m'mizere iwiri yokha. Pa SMS zimenezi zimadyanso ndalama, poti uthenga umodzi wa zilembo wamba umanyamula zilembo 160, ndipo kanyenyezi kalikonse kamawerengedwa.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa WhatsApp, chifukwa nayo imamva tinyenyezi, koma mwa njira yake. Kumeneko kanyenyezi kamodzi uku ndi uku ndiko kamanenepetsa mawu, pomwe mu Markdown kamodziko kamangopendeketsa. Zilembo zopendekeka pa WhatsApp zimabwera ndi kamzere kam'munsi, ndipo hashi ilibe ntchito ya mutu ngakhale pang'ono. Mlembi uja akamata uthenga wake pa gulu la makolo, mahashi amakhala pomwepo, ndipo mawu omwe anali ndi tinyenyezi tiwiri kawirikawiri amanenepa koma atatsalira ndi kanyenyezi mbali zonse ziwiri. Uthenga umodzimodzi umaoneka mwa mitundu itatu malinga ndi pomwe watsegulidwa.

Nthawi zina womasulira alipo, koma wolemba waphonya lamulo. Mu CommonMark, malamulo omwe analembedwa mu 2014 pofuna kugwirizanitsa mapulogalamu osiyanasiyana, hashi yogundizana ndi liwu si mutu, pamafunika mpata. Tinyenyezi ndiye timafuna zosiyana: mukasiya mpata pakati pa totsegulira ndi liwu loyamba, satigwiranso ntchito. Kusiyanitsa mavuto awiriwa n'kosavuta. Ngati zizindikiro zili ponseponse ndipo palibe liwu ndi limodzi lomwe lanenepa, pulogalamuyo simva Markdown. Ngati kwina konse kwaoneka bwino koma pamalo amodzi pokha patsala tinyenyezi, yang'anani mpata wolowerera kapena kanyenyezi kosowa mnzake.

Kwa ine, tinyenyezi toonekera si vuto lalikulu. Timanyansa m'maso, inde, koma Loweruka likadali Loweruka, ndipo Gruber anakonza kalembedweka dala kuti kaziwerengeka ngakhale kasanamasuliridwe. Chondidetsa nkhawa ndi pomwe zinthu zatembenuka: kanyenyezi kofunika kamezedwa ndi pulogalamu. Ife kuno timayimba tinyenyezi ndi mahashi tsiku ndi tsiku pogula mayunitsi ndi potumiza ndalama pa foni. Tiyerekeze kuti wina akulembera anzake nambala yotere, yomwe ndi yongopeka:

```
*123*4#
```

Pulogalamu yomva Markdown iona tinyenyezi tiwiri tatsekera 123 pakati. Itichotsa, ipendeketsa 123, ndipo wowerenga aona 1234# basi. Palibe chomuchenjeza kuti china chake chasowa. Ayimba, zikanika, n'kumadandaula netiweki. Masamu nawo amagwa m'mbuna yomweyi ngati kanyenyezi kagwiritsidwa ntchito ngati chizindikiro chochulukitsira popanda mipata. Mankhwala ake ndi kuika kamzere kopendekera kumbuyo patsogolo pa kanyenyezi kalikonse, komwe kamauza pulogalamu kuti ikasiye momwe kalili:

```
\*123\*4#
```

Nanga mlembi uja achite chiyani asanatumize? Choyamba adziwe komwe uthengawo ukukawerengedwa. Ngati ndi pa SMS, alembe mutu ndi zilembo zazikulu, asiye mzere umodzi wopanda kanthu, tinyenyezi ayi. Ngati ndi pa WhatsApp, achotse mahashi ndipo tinyenyezi tiwiri atisandutse kamodzi. Pa nkhani yaitali, mapulogalamu ambiri olembera ali ndi njira yofufuza n'kusintha, yomwe pa Word imatseguka ndi Ctrl+H. Afufuze tinyenyezi tiwiri togundizana n'kusiya bokosi lachiwiri lopanda kanthu, kenako achite chimodzimodzi ndi mahashi otsatiridwa ndi mpata, kuyambira ochuluka kutsikira ku ochepa. Asalamule kuti kanyenyezi kalikonse kachoke, chifukwa nambala zoyimba zija zingapite nawo limodzi.

Amene amakonza mafayilo ambiri kuofesi angagwiritse ntchito Pandoc, pulogalamu yaulere yolembedwa ndi John MacFarlane, yomwe imawerenga malamulo a Markdown m'malo mongosesa zizindikiro mwachisawawa:

```
pandoc chidziwitso.md -t plain -o chidziwitso.txt
```

Fayilo yothera ndi .md ndiyo ili ndi zizindikiro, ndipo ya .txt imatuluka mahashi a mitu ndi tinyenyezi tonenepetsera titachoka. Akatha zonsezi, mlembi adzitumizire yekha uthengawo kudzera njira yomwe makolo aulandirire, auwerenge pa foni, kenako atumize kwa onse.