Ntchito imene simunagwirepo, mungaiwerengere bwanji masiku?

Komiti ya sukulu ikafuna kukumbitsa chitsime pamalo pamene sipanakumbidwepo, funso loyamba la makolo limakhala lakuti ntchito itha liti. Mmisiri amayankha kuti sabata imodzi. Sakunama. Akunena za nthaka yofewa imene anaizolowera, pomwe pansi pamenepo palibe amene anaonapo.

Vutoli linakumananso ndi asilikali apamadzi a ku America m'chaka cha 1958, pamene ankapanga mizinga ya Polaris, chinthu chimene chinali chisanapangidwepo. Popeza panalibe mabuku a ntchito zakale oti aonerepo, anakonza njira yotchedwa PERT. Mutu wake ndi wakuti wodziwa ntchito asafunsidwe nambala imodzi koma zitatu: masiku ngati zonse zitayenda bwino, masiku amene iye akuona kuti ndiwo oyembekezeka, ndi masiku ngati zinthu zitavuta.

Nambalazi amazilemba O, M ndi P motsatana, n'kuziphatikiza chonchi:

```
E = (O + 4M + P) / 6
S = (P - O) / 6
```

E ndi masiku olemba pandondomeko. Nambala yapakati imawerengedwa kanayi chifukwa ndiyo imachitika kawirikawiri. S imasonyeza kukula kwa chikaiko: ikakula, ndiye kuti tikuyenda mumdima.

Tibwerere kuchitsime kuja. Tinene kuti mmisiri wati kukumba kungatenge masiku 4 nthaka ikakhala yofewa, masiku 7 mwachizolowezi, ndi masiku 16 akapeza thanthwe. Kuphatikiza 4, 28 ndi 16 kumapereka 48, ndipo kugawa ndi 6 kumapereka masiku 8. Taonani kuti yankho lapitirira 7 uja. Ntchito ili ndi malire a kufulumira, koma kuchedwa kumatha kupita patali, ndipo thanthwe lija lakokera yankho kumbali yake. Chikaiko apa ndi masiku 2.

Kumanga njerwa mkati mwa chitsime tiike 3, 6 ndi 15: yankho ndi masiku 7, chikaiko 2. Kukagula pampu kutauni ndi kuiika tiike 1, 4 ndi 7: yankho ndi 4, chikaiko 1. Ntchito yonse ndi masiku 19.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amaphatikiza masiku oipa onse, 16, 15 ndi 7, n'kuuza anthu kuti 38, ngati kuti tsoka lililonse ligwa nthawi imodzi. Sizichitikachitika. Chikaiko chili ndi kaphatikizidwe kake: nambala iliyonse muichulukitse ndi iyo yomwe, mupeza 4, 4 ndi 1, pamodzi 9. Kenako funani nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ipereka 9, ndiyo 3. Choncho masiku 19 ndi apakati chabe, mwayi wokwanitsa ndi wolephera uli pafupifupi wofanana. Komiti ikalonjeza masiku 22 yaima pabwino, ndipo ikanena 25 yaima polimba ndithu.

Komabe masamuwa ndi mbali yopepuka. Chimene ine ndimaona kuti n'chofunika kwambiri ndi kafunsidwe kake. Mukayamba ndi nambala yapakati, munthu amangochotsa pang'ono n'kuwonjezera pang'ono, n'kukupatsani 6, 7 ndi 8. Nambala zoyandikana chotero pantchito yachilendo ndi chizindikiro chakuti sanaganizire. Yambani ndi yoipayo, ndipo ikhale ndi chifukwa chake. Mufunseni kuti, "Bambo, n'chiyani chingakuimitseni apa, ndipo chikachitika mutaya masiku angati?" Akatchula thanthwe, kugumuka kwa dothi kapena simenti kusowa pasitolo, lembani chifukwacho pambali pa nambala. Funsani amisiri awiri kapena atatu, aliyense payekha, kuti wamng'ono asangovomereza zimene wanena wamkulu. Akasiyana kwambiri musathamangire kutenga pakati. Afunseni chimene wina akuona chimene mnzake sakuona, poti nthawi zambiri m'mene muli nkhani. Ndipo mugwirizane ngati akuwerenga masiku ogwira ntchito okha kapena ndi Lamulungu lomwe.

Njirayi ili ndi pothera. Kaphatikizidwe ka chikaiko kaja kamadalira kuti kuchedwa kwa gawo lina sikukhudzana ndi kwa linzake. Mukayamba ntchito mu Januwale, mvula yomweyo idzadzaza dzenje, idzaimitsa omanga, n'kuononganso msewu wodzera pampu. Zikatero magawo onse amachedwa limodzi ndipo 3 uja amachepa. Mvula yotere iwerengereni masiku ake payokha.

Gawo loyamba likangotha, mwapeza chimene munalibe, nambala yeniyeni. Ngati kukumba kwatenga masiku 14 chifukwa dothi limagumuka, khalaninso pansi ndi omanga njerwa asanayambe, pakuti dothi lomwelo ndi limene akukamangamo, ndipo 3, 6 ndi 15 wawo uja ayenera kuonedwanso.