Tsamba lofunira ntchito siligwira kasitomala

Anthu ambiri amene asiya ntchito yolembedwa n'kuyamba ulangizi woyima paokha amaiwala chinthu chimodzi: tsamba lawo la pa LinkedIn limakhala likupemphabe ntchito. Munthu walembetsa bizinesi, wasindikiza makadi, koma ukatsegula tsambalo upeza mndandanda wa maudindo, madigiri, ndi mawu oti ndi wakhama ndipo amagwira bwino ntchito ndi anzake. Zonsezo n'zoona, kungoti zinalembedwera bwana wolemba anthu ntchito. Bwanayo amafuna kudziwa ngati munthuyu angakwanire pa mpando umene uli wopanda munthu. Kasitomala alibe mpando wopereka. Ali ndi vuto limene likumusowetsa tulo, ndipo akuwerenga kuti aone ngati inuyo mungalithetse, komanso kuti ayambire pati kulankhula nanu.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Lilongwe amene wagwira ntchito yowerengera ndalama m'mabungwe omwe si aboma kwa zaka 12, ndipo tsopano akufuna kumathandiza mabungwe ang'onoang'ono kukonza mabuku awo maodita asanabwere.

Poyambira ndi mzere umene uli pansi pa dzina, wotchedwa Headline. Umalola zilembo 220, ndipo ndi umene umayenda ndi dzina lanu paliponse: munthu akakusakani, mukayankhapo pa zimene wina walemba, mukapempha kulumikizana ndi wina. Pa foni mzerewu umadulidwa msanga, choncho mawu oyamba ndiwo amagwira ntchito yonse. Mayiyu analemba kuti ndi katswiri wa zachuma wodziwa zambiri amene akufunafuna mwayi watsopano. Mkulu wa bungwe akawerenga zimenezo amangoona munthu amene ntchito yamuthera. Mzere wabwino unganene kuti: ndimathandiza mabungwe ang'onoang'ono omwe si aboma kukonza mabuku a ndalama oditi isanafike, ndi kulemba malipoti a zachuma opita kwa opereka thandizo. Mwina mayiyu alemba zimenezi m'Chingerezi, poti ndicho makasitomala ake amasakira, koma kamangidwe kake n'komweko: ndani amene mumathandiza, ndipo pa vuto liti.

Apa ndi pamene ambiri amachita mantha. Amati akatchula ntchito imodzi ataya zina, ndiye amalembapo zonse: zachuma, zamalonda, maphunziro a ogwira ntchito, kafukufuku, ngakhale za ulimi. Kwa wofuna kulembedwa, kudziwa zambiri kumathandiza ndithu. Kwa mlangizi kumapha. Makasitomala ambiri amabwera chifukwa wina wawauza kuti pitani kwa uje, ndipo wouzayo ayenera kutha kunena m'mawu ochepa chimene ujeyo amachita. Palibe amene amatumiza mnzake kwa munthu wochita zilizonse. Ntchito zinazo zidzabwera zokha kasitomala akakukhulupirirani pa yoyambayo.

Kenako pali chizindikiro chobiriwira cha Open to work chimene chimazungulira chithunzi. Chichotseni. Chinapangidwira ofuna kulembedwa, ndipo kasitomala akachiona amaganiza kuti mudzamusiyira ntchito pakati mukangoitanidwa kwina, kapenanso kuti mtengo wanu ungatsitsidwe mosavuta. Pa batani lomwelo la Open to pali Providing services, pamene mumasankha mitundu ya ntchito zimene mumagulitsa ndi kufotokoza mwachidule mmene mumagwirira. Apanso sankhani zochepa zogwirizana ndi mzere wapamwamba uja.

Gawo la About ndi limene limafuna kulembedwa mwatsopano, osati kungokonzedwa apa ndi apo. Limalola zilembo 2,600, koma wowerenga amaona mizere yochepa yoyambirira yokha, ndipo yotsalayo amaiona akadina kuti ipitirire. Mayi wathu anayamba ndi sukulu imene anaphunzira ndi chaka chimene anayamba ntchito. Ayambe m'malo mwake ndi zimene mkulu wa bungwe laling'ono amakumana nazo: maodita atsala milungu itatu kuti afike, malisiti a kumudzi sanabwere onse, ndalama za mapulojekiti awiri zasakanikirana mu akaunti imodzi, ndipo wopereka thandizo wanena kuti satumiza gawo lotsatira lipoti lisanafike. Mkulu amene akuwerenga zimenezi ali m'mavuto omwewo amadziwa pomwepo kuti wolembayu analowamo m'maofesi ngati yake.

Akatero afotokoze chimene iye amachita akaitanidwa, motsatana: amayamba ndi masiku awiri oona mabuku mmene alili, amapereka mndandanda wa zosoweka, amagwirizanitsa mabuku ndi masitetimenti a ku banki, amasiya mafayilo okonzeka ndi wogwira ntchito wa pabungwepo ataphunzitsidwa kupitiriza. Kasitomala amene sanalembepo mlangizi amaopa kulipira chinthu chosaoneka, ndipo kufotokoza kotere kumamuonetsa chimene adzagwire m'manja pamapeto. Zaka 12 zija zibwere pambuyo, m'chiganizo chimodzi, ngati umboni. Mzere womaliza unene njira yoyambira: imelo kapena nambala ya bizinesi, ndi zimene wolemba uthenga atchule, monga tsiku la oditi. Musadalire gawo la Contact info lokha, chifukwa zimene zili mmenemo sizioneka kwa aliyense.

Mu Experience musafufute ntchito zakale, koma pamwamba pakhale bizinesi yanu ya ulangizi monga ntchito imene mukugwira panopa. Pansi pa maudindo akale chotsani mndandanda wa zimene munkayang'anira, mulembe zimene zinasintha inu mutagwirapo, makamaka zofanana ndi zimene mukugulitsa lero. Samalani ndi mayina. Makontirakiti ambiri amaletsa kuulula za kasitomala, ndipo palibe bungwe limene lingakonde dziko lidziwe kuti mabuku ake anali osokonekera. Kunena kuti bungwe la zaumoyo la m'chigawo chapakati n'kokwanira, pokhapokha eni ake atalola kutchulidwa. Mu Featured ikanimo chinthu chimene munthu angatsegule n'kugwiritsa ntchito, monga tsamba limodzi la zikalata zimene maodita amapempha kawirikawiri. Pa Recommendations, mawu a kasitomala onena vuto limene anali nalo ndi mmene linathera amaposa a bwana wakale oyamikira kusunga nthawi.

Mudzadziwa ngati tsamba lasinthadi poona mauthenga amene akubwera. Ngati akulemba ndi olemba anthu ntchito, akufunsa malipiro a pamwezi amene mukufuna ndi tsiku limene mungayambe, tsambalo likupemphabe ntchito. Ngati akufunsa kuti kodi kwenikweni mumachita chiyani, ndiye kuti mzere wapamwamba ndi wotambalala kwambiri. Uthenga woyenera umayamba ndi vuto la wolembayo n'kufunsa mtengo kapena nthawi imene muli ndi mpata.

Tsamba lili ndi malire ake. Mabungwe akuluakulu ndi boma akalengeza ntchito ya ulangizi amapemphabe sivi yonse, dongosolo la kagwiridwe ka ntchito ndi mtengo, ndipo kawirikawiri amafunanso setifiketi ya bizinesi ndi nambala ya msonkho ya ku MRA. Sungani sivi yaitaliyo payokha, yokonzeka kutumizidwa. Ndipo ngati mudakali pa ntchito yolembedwa, werengani kontirakiti yanu musanasinthe kalikonse, chifukwa abwana anu adzaona tsambalo kasitomala woyamba asanalione.