Zoyenera kulemba potsatsa chakudya cha m'mapaketi: chitsanzo cha ufa wa phala wa ku Phalombe

Alimi ndi amalonda ang'onoang'ono ena m'boma la Phalombe sakugulitsanso mbewu zawo zonse zosakonza. Pa misika monga Migowi ndi Chiringa pamapezeka ufa wa phala, chiponde ndi mafuta a mpendadzuwa zoikidwa m'mapaketi ndi m'mabotolo, ndipo zina zimatsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook kwa ogula a ku Blantyre ndi ku Zomba. Wogula wa m'sitolo amanyamula paketi, kuitembenuza ndi kuwerenga. Wogula wa pa foni amangoona chithunzi ndi mawu amene wogulitsa walemba, ndipo amatumiza ndalama asanakhudze katunduyo. Choncho uthenga wotsatsa uyenera kunena zonse zimene paketi ikunena, ndiponso uyenera kunena za katundu weniweni amene atumizidwe.

M'Malawi muno, bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards lili ndi muyezo wa MS 19, umene umalongosola zoyenera kulembedwa pa chakudya cha m'mapaketi. Zina mwa izo ndi dzina la chakudya, zinthu zimene zasakanizidwamo, kulemera kwake, dzina ndi keyala ya wopanga, nambala ya gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi, tsiku lothera ndi kasungidwe kake. Tiyerekeze tsono kuti gulu la amayi ku Migowi lapanga makilogalamu 10 a ufa wa phala posakaniza makilogalamu 6 a chimanga, 2 a soya, 1.5 a mtedza ndi theka la kilogalamu ya shuga, ndipo likufuna kugulitsa m'mapaketi a kilogalamu imodzi.

Mndandanda wa zosakaniza umayamba ndi chimene chachuluka kulemera, n'kumatsika mpaka chochepetsetsa. Pa ufa uwu ndiye kuti chimanga chiyambe, kenako soya, mtedza ndi shuga. Wogulitsa amakopeka kuyamba ndi soya kapena mtedza popeza ndi zimene zimakoka makolo ofuna chakudya chopatsa thanzi kwa ana awo, koma kutero n'kunamiza wogula, chifukwa angaganize kuti soya ndiye wambiri. Ngati dzina la katundu likutchula soya ndi mtedza, ndi bwino kusonyezanso kuchuluka kwake: pa magawo 100 alionse, 20 ndi soya ndipo 15 ndi mtedza. Mawu akuti "ndi zina zotero" alibe malo pamndandandawu, pakuti m'zinazo ndi momwe mumabisala chimene chingadwalitse munthu.

Apa ndi pamene pakubwera nkhani ya ziwengo. Pali anthu amene thupi lawo limadana ndi zakudya zina, makamaka mtedza, soya, mkaka, mazira, nsomba, tirigu ndi chitowe. Ena amangotuluka zidzolo, koma ena amatupa milomo ndi kummero mpaka kubanika, ndipo pang'ono pokha pamakwana kuika moyo pachiswe. Mtsikana wa ku Britain wa zaka 15, Natasha Ednan-Laperouse, anamwalira mu 2016 atadya buledi wokhala ndi chitowe chimene sichinalembedwe pa paketi, ndipo imfa yake inachititsa kuti lamulo la dzikolo lisinthidwe mu 2021. N'chifukwa chake sikokwanira kuti mtedza ndi soya zingopezeka pakati pa mndandanda. Ziyenera kubwerezedwa pamzere wakewake woonekera bwino, wakuti "Muli soya ndi mtedza".

Vuto lovuta kuliona limayambira kuchigayo. Chigayo chimodzi chimagaya katundu wa anthu ambiri, ndipo ufa wa woyamba umatsalira m'kati n'kusakanikirana ndi wa wotsatira. Ngati amayi aja apanganso ufa wina wopanda mtedza, koma waugaya pa chigayo chomwecho ndi kuusefa ndi sefa yomweyo, sangalembe kuti "mulibe mtedza". Choona n'chakuti ufawo wakonzedwera pamalo pamene pamakonzedwanso mtedza, ndipo ayenera kunena zimenezo. Chimodzimodzinso akasintha kapangidwe, monga kuthiramo ufa wa matemba a ku nyanja ya Chilwa kapena mkaka waufa, uthenga wakale uyenera kuchotsedwa tsiku lomwelo, chifukwa tsopano ukubisa nsomba kapena mkaka.

Pa nkhani ya masiku, mawu awiri amene amalembedwa m'Chingerezi amasokoneza anthu. BEST BEFORE amatanthauza kuti kufikira tsikulo chakudya chidzakhala ndi kakomedwe ndi fungo lake lenileni, ndipo amagwiritsidwa ntchito pa zakudya zouma monga ufa. USE BY amatanthauza kuti tsikulo likadutsa chakudyacho chisadyedwenso, ndipo ndi a zinthu zosachedwa kuonongeka monga mkaka wamadzi. Wogulitsa akopere mawu amene ali pa paketi osasintha. Mwezi aulembe m'mawu, pakuti 03/04/2026 wina amawerenga kuti 3 Epulo pamene wina amati 4 Malichi.

Kulemba kuti "umakhala miyezi itatu" popanda kunena tsiku limene unapangidwa sikuthandiza wogula. Tiyerekeze kuti kuyesa kwaonetsa kuti ufawu umakhaladi bwino miyezi itatu, ndipo unagayidwa pa 10 Okutobala 2025. Tsiku lothera ndi 10 Januwale 2026. Munthu wogula mapaketi anayi pa 15 Disembala watsala ndi masiku 26 okha, osati miyezi itatu, ndipo akadadziwa akanagula awiri. Ngati m'nyumba yosungiramo muli magulu awiri a katundu, uthenga unene tsiku la gulu limene litumizidwe, ndipo chithunzi cha paketi chikhale cha gulu lomwelo. Utali wa nthawiyo nawonso si wongoganizira kapena kukopera kwa wopanga wina. Umadziwika poyesa katunduyo, ndipo ufa wa mtedza suchedwa kuonongeka chifukwa cha mafuta ake.

Tsiku lothera limagwira ntchito pokhapokha chakudya chasungidwa moyenera, ndiye mizere iwiriyi imayendera limodzi. M'chigwa cha Phalombe mumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mvula ikayamba chinyontho chimalowa m'nyumba. Kutentha kumachititsa mafuta a mtedza ndi soya kusasa, pamene chinyontho chimabweretsa chuku. Chuku china cha pa mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni amene amaononga chiwindi, ndipo satha ngakhale phala litawira. Malangizo akhale omveka kwa munthu wopanda firiji: ufa uikidwe pamalo ouma ndi ozizira, patali ndi dzuwa ndi moto, pamwamba osati pansi, ndipo paketi ikatsegulidwa ufawo uthiridwe m'chigubu chouma chotseka bwino. Ndi bwinonso kuuza wogula kuti ufa ukaumbana, ukasintha mtundu kapena ukayamba kununkha mafuta osasa autaye, ngakhale tsiku lisanakwane.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, uthenga wa amayi aja ungaoneke motere: "Ufa wa phala wa chimanga, soya ndi mtedza, kilogalamu imodzi. Zosakaniza: chimanga 60%, soya 20%, mtedza 15%, shuga 5%. Muli soya ndi mtedza. Wopangidwa pa 10 Okutobala 2025, gulu nambala 4. BEST BEFORE 10 Januwale 2026. Sungani pamalo ouma ndi ozizira, m'chotengera chotseka bwino." Pansi pake pabwere dzina la gulu, malo ake, mtengo ndi nambala ya foni.

Mawu akuti ufawu "umachiza" matenda kapena "umakulitsa nzeru" asalembedwe, chifukwa chakudya si mankhwala, ndipo chizindikiro cha bungwe la miyezo chisaikidwe pa katundu amene sanavomerezedwe. Wogula naye ali ndi mbali yake. Paketi ikafika, ayerekeze zolembedwa pamenepo ndi uthenga umene anawerenga pa foni, ndipo tsiku kapena zosakaniza zikasiyana, aibweze asanaitsegule.