Malemu anagona, koma inshulansi ikudulabe

Maliro akatha, masiwa atabwerera kwawo, foni ya malemu imaliralirabe. Mai wamasiye akaitsegula amapeza uthenga wa ku banki woti adula ndalama ya inshulansi. Sikuti kampaniyo ndi yankhanza. Makina ake sanamve za malirowo, ndipo azingodula mwezi ndi mwezi mpaka wina akapite ndi mapepala.

Tiyerekeze bambo amene wamwalira pa 9 Malichi. Ankalipira K15,000 ya inshulansi ya moyo, yomwe banki inkadula yokha pa 25 mwezi uliwonse. Banja likachedwa mpaka Juni, ndiye kuti K45,000 yapita. Ndalama yodulidwa mwini atamwalira kale muli ndi chifukwa chomveka choiitanitsira, koma muipemphe polemba kalata, mutaphatikiza sitetimenti ya ku banki yoonetsa masiku amene anadula.

Apa pali msampha. Ambiri amafika pa kauntala n'kunena kuti, “Tabwera kudzaletsa inshulansi ya malemu.” Inshulansi ya moyo wa munthu amene wamwalira sitiletsa, timakafunsa chipukutamisozi chake. Nenani kuti mwabwera kudzadziwitsa za imfa ndi kudzakileima, ndipo muwerenge mutu wa fomu musanasaine. Palinso inshulansi ina imene malemu ankalipira koma imateteza amoyo, monga ya maliro ya banja lonse kapena sikimu ya chipatala ngati MASM. Imeneyi mukangoisiya, ana ndi agogo atsala pamtetete. Funsani kaye ngati wamasiye angaitenge m'dzina lake n'kupitiriza kulipira, chifukwa amene walowa mwatsopano nthawi zambiri amadikira miyezi ingapo asanayambe kuthandizidwa.

Pepala limene aliyense adzakufunseni ndi setifiketi ya imfa, yochokera ku bungwe la kalembera la NRB. Munthu akamwalirira m'chipatala, lipoti la imfa limayambira komweko. Akamwalirira kumudzi, amfumu ndiwo amachitira umboni, kenako mumapita nazo ku ofesi ya kalembera kwa DC. Musanachoke, yang'anitsitsani kalembedwe ka dzina. Ngati pa chiphaso cha unzika pali dzina lina, pa setifiketi lina, pa chikalata cha inshulansi n'kukhala la kumudzi, mudzayenda mpaka nsapato kutha. Zikatero kampani imafuna kalata yolumbirira yoti maina onsewo ndi a munthu mmodzi.

Pamwamba pa setifiketi, a inshulansi amafuna chiphaso cha malemu, chanu, nambala ya chikalata cha inshulansi, ndi umboni wa ubale wanu, monga setifiketi ya ukwati. Ngati imfa inali ya ngozi, konzekerani lipoti la apolisi. Nthawi zina amafunanso lipoti la dokotala lofotokoza chimene chinapha munthuyo, makamaka ngati inshulansiyo inali yatsopano. Setifiketi yeniyeni musaisiye pa ofesi iliyonse. Chitani mafotokope angapo, akudindireni loya kapena majisitireti, yeniyeniyo muzingoonetsa.

Nanga woyenera kupita ndani? Ngati malemu analembetsa dzina la wodzalandira ndalama, kampani imalankhula ndi iyeyo, osati malume chifukwa choti ndiwo mwinimbumba. Ngati sanalembetse aliyense, ndalamazo zimalowa m'chuma cha masiye, chimene chimayendetsedwa ndi lamulo la 2011, ndipo pamafunika kalata ya ku khoti yopereka mphamvu zoyendetsa chumacho. Kalata yomweyi ndi imene banki imafuna kuti itulutse ndalama za malemu. Banki ikangodziwitsidwa za imfa imaimitsa akaunti, ndipo zodula mwezi ndi mwezi zimaima. N'chifukwa chake ndimati muyambe mwakonza za sikimu ya ana ija, kuopa kuti ingafe mwakachetechete. Koma khadi la ATM la malemu musakatapire ndalama, ngakhale nambala yachinsinsi mukuidziwa. Abale akadzayamba kuwerengera chuma, mlandu udzakhala wanu.

Zolipiriratu sizivuta. DStv kapena mayunitsi a ESCOM, mukasiya kugula, nkhani yatha. Madzi a bilu ndiwo ofunika kupita ku ofesi kukasintha dzina, chifukwa ngongole imangounjikana. Simu khadi ya malemu musafulumire kuitaya. Mauthenga ake ndiwo angakuululireni inshulansi imene ngakhale mkazi wake sankaidziwa, ndipo mwina mu Airtel Money kapena Mpamba muli kangachepe.

Kulikonse mukasiya kalata, akudindireni pa kope lanu tsiku limene alandira. Kampani ikamangoti “mubwere mawa” miyezi n'kumapita, tengani kope lodindalo mukadandaule ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki ndi makampani a inshulansi.