Zimene nambala ya beringi imanena ndi zimene siinena

Mota ya pampu ikayamba kulira ngati mphero, mekaniki amaimasula, n'kutulutsa beringi yakuda ndi girizi wakale. Amaipukuta ndi kansanza, kenako n'kuipendeketsa kudzuwa kuti aone timalemba tozokotedwa m'mbali mwa mkombero wake: 6205-2RS C3. Ambiri amangokopera nambalayo pakapepala n'kuthamangira kushopu. Zimatheka ndithu, koma tsiku limene wogulitsa adzanene kuti "imeneyo yatha, tengani iyi, n'chimodzimodzi", wodziwa kuwerenga nambalayo ndiye sabwerera ndi katundu wolakwika.

Kuti beringi ikwane pamalo pake pamafunika miyeso itatu: bowo lapakati limene shafiti imalowamo, kukula kwa mkombero wakunja, ndi kuchindikala kwake. Makampani monga SKF, NSK, NTN ndi FAG amatsatira muyezo umodzi wotchedwa ISO 15, n'chifukwa chake 6205 ya ku Japan imalowa bwinobwino pamene panali 6205 ya ku Sweden. Koma pa miyeso itatuyi, umodzi wokha ndi umene mungaupeze ndi masamu apamtima. Iwiri inayo nambala imangokulozerani koti mukaipeze.

Yambani kuwerenga kuchokera kumapeto. Manambala awiri omaliza a 6205 ndi 05, ndipo amanena za bowo. Chulukitsani ndi 5, mupeza mamilimita 25. Chimodzimodzi 6208 ili ndi bowo la mamilimita 40, ndipo 6312 ili ndi la 60. Lamuloli limagwira ntchito kuyambira pa 04 mpaka pa 96, pamene bowo limafika mamilimita 480.

Manambala anayi oyambirira satsatira lamuloli, ndipo ndi oyenera kuwaloweza chifukwa ndi amene amapezeka kwambiri m'mawilo a njinga zamoto ndi m'timamota ting'onoting'ono: 00 ndi mamilimita 10, 01 ndi 12, 02 ndi 15, ndipo 03 ndi 17. Munthu akachulukitsa 03 ndi 5 amapeza 15, n'kuganiza kuti 6203 ikwana pa shafiti ya 15, pamene ikalowa mogwejera ndi mamilimita awiri athunthu. Beringi ikakhala ndi manambala atatu okha, monga 608, nambala yomaliza ndiyo bowo lenilenilo, mamilimita 8. Mukaona kamzere kopendekera, monga 62/22, zimene zili pambuyo pa kamzereko ndi mamilimita enieni, 22, osachulukitsanso.

Nambala yoyamba imanena mtundu. 6 ndi beringi ya timipira tachitsulo toyenda mumzere umodzi, imene ili ponseponse. Yoyamba ndi 3 ndipo ili ndi manambala asanu, monga 30205, ndi ya timigudumu tosongokera mbali imodzi, mtundu umene umapezeka m'mawilo a galimoto zambiri ndi ngolo.

Tsopano nambala yapakati, 2 uja wa mu 6205. Apa m'pamene ndimafuna owerenga aime kaye, chifukwa m'pamene ambiri amasokonekera. Nambalayi si muyeso. Ili ngati dzina la mfunda: imakuuzani banja la beringiyo, kaya ndi la zopyapyala, zapakatikati kapena zonenepa. Taonani maberingi anayi amene onse ali ndi bowo la mamilimita 25. Ya 6005 kunja kwake ndi 47 ndipo kuchindikala ndi 12. Ya 6205 ndi 52 ndi 15. Ya 6305 ndi 62 ndi 17. Ya 6405 ndi 80 ndi 21. Nambala yapakati ikamakwera timipira timakula, chitsulo chimachuluka, ndipo beringi imasenza katundu wolemera kwambiri. Koma yesani kupeza chochulukitsa chimodzi chimene chingakuchotseni pa 2 kukufikitsani pa 52, komanso pa 3 kukafika pa 62. Simuchipeza, chifukwa kulibe. Miyeso imeneyi inakhazikitsidwa m'ndandanda, ndipo imawerengedwa m'katalogi ya wopanga maberingi. Amekaniki amene amakuyankhani pompopompo anachita kuiloweza pogwira ntchito zaka zambiri.

Palinso nambala imodzi yobisika. Banja la beringi limalembedwa ndi manambala awiri, woyamba wa kuchindikala, wachiwiri wa kukula kwa kunja. Pa 6205 banja lonse ndi 02, koma 0 wa kuchindikalayo salembedwa. Amaonekera akasintha. Beringi ya 62205-2RS ili ndi bowo la 25 ndipo kunja ndi 52, ndendende ngati 6205, koma kuchindikala kwake ndi 18 m'malo mwa 15. Pashafiti ilowa, m'malo mwake ikhala, koma chivundikiro cha mota sichitsekeka, kapena kawaya kotsekera sikapeza mzere wake. Mukamanga mabawuti mokakamiza, beringi imapanikizika cham'mbali, imatentha, ndipo sichedwa kufa.

Malemba a pambuyo pa manambala nthawi zambiri sasintha miyeso itatu ija. 2RS akutanthauza zotsekera za rabala mbali zonse ziwiri, zoteteza ku fumbi ndi madzi. NSK imalemba DDU, NTN imalemba LLU, koma cholinga n'chimodzi. ZZ kapena 2Z ndi timalata tachitsulo, timene sitikhudza mkombero wamkati, motero timalola liwiro lalikulu koma sititchinga madzi. C3 akusonyeza kuti timipira tili ndi kampata kokulirapo kuposa ka nthawi zonse, kuti chitsulo chikatentha n'kufufuma beringi isagwire. Pa mota imene inabwera ndi C3, bwezeranipo C3.

Nanga nambala ikafufutika ndi dzimbiri? Pamenepo mumayenda chobwerera. Tengani veniya, pukutani beringi, yezani zonse zitatu, osati chimodzi. Tiyerekeze kuti mwayeza kunja n'kupeza 62. Zimenezi sizikukwana, pakuti 6305 ndi 6206 zonse kunja kwake ndi 62. Yezani bowo: likakhala 30, gawani ndi 5, mupeza 06, ndiye kuti ndi 6206, ndipo kuchindikala kuyenera kukhala 16. Likakhala 25, ndi 6305, yochindikala 17. Muyeso wachitatuwo ndi mboni. Ukakana kugwirizana ndi katalogi, yezaninso musanatulutse ndalama.

Eni zigayo ndi makina ena oyendera malamba ali ndi msampha wawo. Beringi yokhala m'kanyumba kachitsulo komangidwa ndi mabawuti awiri imalembedwa UC205, ndipo bowo lake ndi mamilimita 25 monga mwa lamulo lija. Koma pali inzake, UC205-16, yofanana nayo m'maso ndipo imakhala m'kanyumba komweko ka P205. Nambala 16 yakumapetoyo imawerenga magawo a inchi yogawidwa pa 16, choncho bowo lake ndi inchi imodzi, mamilimita 25.4. Kusiyanako n'kosakwana theka la milimita, koma mukaiika pa shafiti ya 25, timasikuluwu timagwira mbali imodzi, shafiti imazungulira mosayenda pakati, makina amanjenjemera, ndipo posakhalitsa mumaona fumbi lofiirira ngati dzimbiri likutuluka pakati pa shafiti ndi beringi. Fumbilo ndi shafiti yanu ikudyeka. Ena amagogoda shafiti ndi chisongole kuti ituluke timatuza togwira beringi, koma timatuzato timaphwanyika msanga ndipo kugwejera kumabwerera kutakula. Musanagule ya chigayo, yezani shafiti yeniyeniyo pamalo amene sanadyeke, muone ngati veniya ikuima pa 25.0 kapena pa 25.4.