Pepala la mayeso a aneni a Chiarabu: malikisi amatayikira pa timizere

Wophunzira Chiarabu amene watha kale kuwerenga ndi kupanga ziganizo zazifupi amafika pa phunziro lotchedwa sarufu, lomwe limaona m'mene mawu amasinthira maonekedwe. Mayeso a phunziroli amagona pa aneni, ndipo pepala labwino limodzi ndi mayankho ake limaonetsa ngati wophunzira wamvetsa kapena wangoloweza.

Aneni ambiri a Chiarabu amachokera ku tsinde la zilembo zitatu. Tsinde la d-r-s limakhudza maphunziro: darasa ndi "anaphunzira", koma chilembo chapakati chikabwerezedwa, darrasa, tanthauzo limakhala "anaphunzitsa". Olankhula Chichewa sitidabwa nazo, pakuti nafenso timati phunzira ndi phunzitsa, swa ndi sweka. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timasintha kumapeto kwa mneni, pomwe Chiarabu chimasintha kutsogolo ndi m'kati. Mitundu yofala ya aneniwa ilipo khumi, ndipo dikishonale ya Hans Wehr, yomwe idatuluka m'Chingerezi mu 1961, imaisonyeza ndi manambala a Chiroma.

Tiyerekeze pepala la malikisi 20, lamagawo anayi a malikisi asanu lililonse, loyambira pa zophweka. Gawo loyamba limapereka mneni monga inkasara n'kufunsa tsinde ndi mtundu wake. Yankho ndi k-s-r, mtundu wa 7. Wolemba n-k-s waonetsa kuti sanadziwe kuti "in" ndi wongophatikizidwa.

Gawo lachiwiri limafuna kusintha mneni kuchoka ku nthawi yakale kupita ku yatsopano, ndipo ambiri amagwa apa. Nazala, "anatsika", amasanduka yanzilu. Anzala, "anatsitsa", amasanduka yunzilu. Pa zilembo zokha awiriwa amalembedwa chimodzimodzi, ينزل, ndipo chowasiyanitsa ndi kachizindikiro pamwamba pa chilembo choyamba: fatiha wopereka liwu la "a" kapena dama wopereka "u". Lamulo lake ndi lakuti mitundu ya 2, 3 ndi 4 imayamba ndi "u", pomwe ina isanu ndi iwiriyo imayamba ndi "a". Popeza nyuzipepala ndi mabuku ambiri a Chiarabu salemba timizereti, wophunzira amazolowera kutisiya. N'chifukwa chake pepala liyenera kulamula poyera kuti zizindikiro zonse zilembedwe. Likapanda kutero, wochonga alibe njira yodziwira ngati mwanayo amafuna kunena "akutsika" kapena "akutsitsa", ndipo wongolota amapata malikisi ofanana ndi wodziwa.

Gawo lachitatu ndi lodzaza mpata m'chiganizo, ndipo limayesa wokonza mayankho kuposa wolemba mayeso. Funso lingapereke tsinde la k-s-r ndi mawu oti al-kuubu, kutanthauza chikho, n'kufuna mneni woyenera. Mphunzitsi angakhale akuyembekezera inkasara, "chinasweka". Koma wophunzira wina angalembe kusira, "chinaswedwa", ndipo chiganizocho n'cholondola ndithu. Inkasara amangonena kuti chikho chasweka, pomwe kusira amasonyeza kuti pali wina adachiswa ngakhale sakutchulidwa. Ngati funso silidatchule mtundu wofunika, mayankho ayenera kuvomereza onse awiri. Kukana kusira n'kulanga wophunzira amene akudziwa zambiri, ndipo chizindikiro cha funso lolakwika chotere n'chakuti akatswiri a m'kalasi ndiwo amalilephera mofanana.

Gawo lomaliza limabweretsa aneni okhala ndi chilembo chofooka pakati. Yaquulu, "akunena", akatsogoleredwa ndi lam wokanira zinthu zakale, amafupika n'kukhala lam yaqul, "sananene". Wolemba lam yaquul wagwira theka la lamulo: wachotsa liwu lakumapeto koma waiwala kufupikitsa lapakati. Mayankho abwino amaneneratu kuti wotere alandire theka la malikisi, kuti aphunzitsi awiri ochonga pepala lomwelo asasiyane.

Pepala likabwezedwa, chiwerengero cha pamwamba sichinena zonse. Ana awiri angapate 12 aliyense, wina atataya malikisi pa timizere ta gawo lachiwiri, mnzake pa matsinde a gawo loyamba. Woyambayo akufunika kubwereza mokweza yanzilu ndi yunzilu mpaka khutu lizolowere, pomwe wachiwiriyo ayenera kubwerera ku matsinde asanapite patsogolo. Mphunzitsi wa kumadarasa ku Mangochi kapena kwina kulikonse amene amalemba malikisi a gawo lililonse padera amadziwa phunziro loyambira mawa lake.