Dzina la webusaiti liyambe lapita m'khutu

Anthu ambiri amasankha dzina la webusaiti yawo ali pakompyuta, akuliona ndi maso. Koma kasitomala nthawi zambiri amayamba kulimva ndi khutu: pawailesi, pafoni, kapena kwa mnzake m'minibasi. Akafika kunyumba amalemba zimene wamva, ndipo akaphonya chilembo chimodzi chokha safika kwa inu. Kompyuta imangomuuza kuti tsambalo kulibe, kapena imamupititsa kwa munthu wina.

Dzina limeneli, lomwe akatswiri amati domeni, lili ndi malamulo ake ochepa. Limalola zilembo kuyambira a mpaka z, manambala kuyambira 0 mpaka 9, ndi kamzere kapakati (-), komwe sikangakhale koyambirira kapena kothera. Mpata pakati pa mawu suloledwa, ndipo chilembo chachikulu ndi chaching'ono n'chimodzimodzi. Gawo limene mumasankha nokha, lija limabwera kadontho kasanafike, likhoza kutalika mpaka zilembo 63, koma musayandikire n'komwe malirewo.

Tiyerekeze mayi wina wopanga chiponde ku Mchinji akufuna webusaiti. Ganizo lake loyamba ndi chipondechokomachakumchinji.com. Dzinali likunena zonse, koma lili ndi zilembo 27 zomatana, ndipo wolemba pafoni ndi chala chachikulu adzalakwitsa asanafike pakati. Mwana wake akumuuza kuti alifupikitse likhale cckm.com. Lafupika ndithu, koma latha tanthauzo. Mawa lake palibe adzakumbuke ngati c anali mmodzi kapena awiri. Mutu wa munthu umasunga mawu amene ukuwadziwa kale, osati mulu wa zilembo, choncho dzina la mawu amodzi kapena awiri odziwika limaposa chidule chopanda tanthauzo.

Mayiyu ayambe wafufuza ngati chiponde.mw ilipo. Mapeto a .mw ndi a dziko la Malawi, monga .zm ali a Zambia, ndipo mawu ambiri amene anatengedwa kale ku .com amakhala asanatengedwe kumeneko. Kufufuzako n'kosavuta: amalemba dzinalo patsamba la kampani yolembetsa madomeni, ndipo yankho limabwera pompo. Akapeza kuti mwini wake alipo kale, awonjezere liwu limodzi lokha, likhale mchinjichiponde, zilembo 15. Asathawire ku chiponde-cha-mchinji, chifukwa pakamwa kamzere sikamveka ndipo omvera amakaiwala. Nambala nayo ndi msampha: womva "chiponde 2" sadziwa ngati alembe 2 kapena two, komanso pasikirini 0 amafanana ndi o, 1 amafanana ndi l.

Chichewa chathu chili ndi misampha yakeyake, ndipo apa ndi pamene ndikupempha kuti mufatse. Woyamba ndi kachizindikiro ka m'mwamba kamene timalemba m'mawu ngati ng'ombe ndi m'mudzi. Sikaloledwa m'domeni, choncho wogulitsa ng'ombe adzakakamizika kulemba ngombe, pamene makasitomala ena azidzayesabe kukaika n'kumalephera kufika. Chilembo cha ŵ nacho anthu ambiri sadziwa pochipeza pafoni. Wachiwiri, womwe ndi waukulu, ndi l ndi r. Ena amalemba mbiri, ena mbili. Ena chilimwe, ena chirimwe. M'kalata zimenezi sizisokoneza aliyense, koma kwa kompyuta amenewa ndi maadiresi awiri osiyana. Ndiye pali h wa m'mawu ngati nkhuku ndi phala, yemwe olemba mofulumira amamusiya. Liwu la chiponde lapulumuka zonsezi, n'chifukwa chake ndi labwino. Ngati dzina la bizinesi yanu lili ndi l kapena r wokayikitsa ndipo simungalisinthe, lembetsani kalembedwe konse kawiri, kena kazingolozera ku kenako. Mudzalipira kawiri chaka chilichonse, koma kasitomala sadzasochera.

Ngakhale makampani akuluakulu anakonzapo maina awo. Facebook inayamba mu 2004 ngati thefacebook.com, ndipo mu 2005 inagula facebook.com n'kutaya liwu lapatsogololo. Twitter inayamba mu 2006 ikulembedwa twttr, kenako inabwezeretsa zilembo zimene inachotsa.

Musanalipire ndalama, liyeseni dzinalo. Imbirani foni anthu asanu amisinkhu yosiyana, mulitchule kamodzi osatchula chilembo chimodzichimodzi, ndipo muwapemphe akutumizireni pameseji zimene amva. Awiri akalemba mosiyana, kapena wina akafunsa kuti "Mwati chiyani?", dzinalo lili ndi vuto. Pakapita masiku awiri afunseninso ngati akulikumbukira. Likapambana mayesowa, onetsetsani kuti silikufanana ndi dzina la kampani ina yodziwika, kenako lilembetseni m'dzina lanu, osati la mnyamata amene akukupangirani webusaiti. Domeni imachita kubwerekedwa, kawirikawiri kwa chaka chimodzi, ndipo mukapanda kulipiranso nthawi ikakwana, wina akhoza kuitenga. Lembani tsiku lolipiralo pakalendala.